Chithunzi chingakuuzeni chiyani za paketi ya mbewu ndi thumba la feteleza?

*"Ine ndimakhala ku Kawale koma munda wanga uli ku Mitundu. Ndalama ndimatumiza kwa alamu anga, iwo ndi amene amakagula mbewu ndi feteleza, ine amangonditumizira zithunzi pa WhatsApp ndisanavomere. Chaka chatha chimanga chinamera bwinobwino koma zokolola zinali zochititsa manyazi. Kodi pa chithunzi chokha ndingadziwe kuti katunduyu ndi weniweni?" Mayi wa ku Kawale*

Mayi, chithunzi chili ndi mphamvu yokana katundu, koma mphamvu yovomereza chilibe. Chikaonetsa thumba losokedwa kawiri, muwauze alamu anu alisiye pomwepo ndipo simunalakwire munthu. Chikaonetsa thumba losalala, lopanda banga, chimene mwadziwa n'chakuti kunja kuli bwino, basi. Zamkati chithunzi sichinaone. Komabe katundu wambiri wachinyengo amagwidwa ndi kunja komweko, chifukwa opanga ake amakhala pa changu ndipo amadalira kuti wogula sayang'anitsitsa.

Anthu ambiri akalandira chithunzi amathamangira kufufuza chilembo cholakwika pa dzina la kampani. Zimenezo zimapezeka ndithu, koma mwa apo ndi apo. Wachinyengo wochenjera sadzivutitsa n'kusindikiza thumba lake pamene matumba enieni opanda kanthu akugulitsidwa m'misika, ndipo mapaketi a mbewu alimi amangowataya m'mphepete mwa munda akamaliza kubzala. Amatola chenicheni, n'kudzazamo zake, n'kutsekanso. Zolemba zonse zimakhala zolondola chifukwa zinasindikizidwadi ndi kampani. Chimene iye wachita ndi manja ake ndi kutsekako, choncho maso anu ayambire pamene thumba kapena paketi inatsekedwa. Zosindikiza zibwere pambuyo.

Zithunzi zimene alamu anu amatumiza, ndikhulupirira, zimakhala za thumba lonse litaima pakhomo pa golosale, dzina likuoneka patsogolo. Chithunzi chotero chimangokuuzani kuti thumbalo lilipo. Apempheni atulutse katunduyo panja pamthunzi, pakhonde pakwanira, asamajambule mkati mwamdima kapena padzuwa lamphamvu limene limanyezimiritsa pulasitiki. Apukute kagalasi ka kamera ndi nsalu, ayandikire ndi miyendo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, ndipo agunde ndi chala pa sikirini pamene akufuna kuti paoneke bwino. Potumiza asankhe Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, kapena adine HD. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo pofinyapo timalemba ting'onoting'ono timasungunuka. Katundu wabwino amatha kuoneka wokayikitsa chifukwa cha kufinyako, ndipo woipa amabisala momwemo. Bandulo ya zithunzi khumi ndi yochepa mukaiyerekeza ndi mtengo wa thumba limodzi.

Ngati wojambula ndi wogulitsa mwini wake, osati alamu anu, muuzeni alembe mawu amene mwasankha inu pakapepala, aike pathumba, ajambule. Ogulitsa ena amasunga m'foni zithunzi za katundu wabwino zimene amatumizira aliyense, n'kudzakweza wina pa kabaza.

Tiyambe ndi feteleza. Thumba la makilogalamu 50 limatsekedwa ndi makina amene amasoka mzere umodzi wowongoka, kapena iwiri yoyendera limodzi, ndipo mipata ya ulusi imakhala yofanana kuchokera kuno mpaka uko. Mzerewo umadutsa m'mphepete mwa thumba mbali zonse ziwiri n'kusiya kamchira ka ulusi wolukana. Alamu anu ajambule msokowo pafupi, theka limodzi kenako theka linalo, akuwongola mlomo wa thumba ndi dzanja. Kusoka kwa pamanja ndi singano ya masaka n'kosavuta kuona, mipata yake ndi yotalikirana ndi yosafanana. Koma musakhulupirire msoko chifukwa chongoti ndi wa makina. Makina onyamula m'manja osokera matumba amagulitsidwa m'tauni muno, ndipo aliyense wogula chimanga kapena soya wochuluka ali nawo.

Chimene wosokanso sangafafanize ndi mabowo akale. Ulusi woyamba ukasololedwa, singano inasiya kale mzere wa timabowo pa saka, ndipo msoko watsopano sungadutse m'mabowo omwewo. Mukakuza chithunzi mumaona mzere wa timadontho takuda pamwamba kapena pansi pang'ono pa ulusi, nthawi zina ukupingasana nawo. Ena pofuna kubisa amadula mlomo wa thumba pansi pa mabowo akalewo. Akatero mlomo umakhala waufupi, wamanyenje, ndipo msoko umayandikira kwambiri zolemba zapamwamba kusiyana ndi matumba anzake. Ena amapinda mlomo kuti mabowo alowe mkati, ndiye mukaona thumba limodzi lopindidwa pakati pa osapindidwa, muwauze alamu anu afunyulule pang'ono kapindidweko ajambule.

Thumba aligoneke, ajambulenso msoko wapansi. Ambiri amaiwala kuti thumba lili ndi milomo iwiri, ndipo akuba amadziwa kuti anthu amaiwala. Ajambulenso m'mbali ndi m'makona. Pamene munthu anabaya ndi kapaipi kuti asolole feteleza, timizere ta saka timakhala titakankhika n'kusiya malo ooneka ngati kadiso, ngakhale atayesa kutibwezera ndi chala, ndipo nthawi zambiri pamakhala kufumbi koyera chifukwa pulasitiki yamkati inabooka.

Apa ndikuchenjezeni kuti musatsutse munthu wosalakwa. Feteleza wambiri amene timagwiritsa ntchito amalowa m'dziko muno kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo amaikidwa m'matumba m'malo osiyanasiyana, ndi makina osiyanasiyana. Thumba la chaka chino likhoza kukhala ndi ulusi wosiyana ndi la chaka chatha, onse ali enieni. Kuyerekeza kothandiza ndi kwa matumba a mulu umodzi, a mtundu umodzi, a nambala imodzi. Amenewo anasokedwa pa makina amodzi, ayenera kufanana ngati mapasa. Pa matumba asanu, anayi akakhala ndi ulusi woyera, limodzi wabuluu, funso lili pa limodzilo.

Pali chinthu china chimene chithunzi chimagwira pamene sikelo yalephera. Wothira mchenga m'feteleza amaonetsetsa kuti thumba likulemerabe makilogalamu 50, koma mchenga ndi wolemera pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa yureya pa malo ofanana. Makilogalamu 50 a yureya amadzaza malita pafupifupi 67. Munthu akachotsa makilogalamu 10 wachotsa malita oposa 13, ndipo mchenga wa makilogalamu 10 umene wabwezeramo sukwana malita 7. Thumba laphwa ndi malita 6 kapena 7, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, sikelo ikunenabe kuti zonse zili bwino. Alamu anu akaimika matumba onse pamzere pamalo osalala, n'kuwagwedeza kuti akhazikike, n'kujambula atanjuta kuti kamera ikhale pa msinkhu wa matumbawo, lophwalo limaoneka lalifupi, khosi lake lili lende. Ingoyerekezani yureya ndi yureya mnzake. Thumba la feteleza wokulitsa, uja wa 23:10:5+6S+1.0Zn, limaoneka laling'ono kuposa la yureya mwachibadwa chifukwa feteleza wake ndi wolemererapo, ndipo pa iye mchenga suonetsa kusiyana kwakukulu chotere.

Zolemba za pa thumba la feteleza muziwerenge, koma kakomedwe kake musakaikepo mtima kwambiri. Kusindikiza pa saka yoluka kumakhala ndi timipata, inki simagwira bwino m'mizere yonse, ndipo zimenezo zimachitika ngakhale ku fakitale. Chofunika n'chakuti manambala azigwirizana. Yureya ndi 46% N, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. Dzina la kampani, kulemera kwake ndi nambala ya mulu zizioneka, ndipo zolembedwa kutsogolo zisatsutsane ndi za kumbuyo kapena za pa lisiti. Thumba lofwifwa, lokhala ndi mizere ya mapindidwe akale ngati linasungidwapo lopanda kanthu, kapena lamadontho a matope ouma pamene anzake ali oyera, linayendapo kale ulendo wina.

Mbewu ndiyo imafuna diso lodekha, chifukwa kutayika kwake n'kumene munakuona chaka chatha. Chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chimamera bwino kwambiri. Vuto limadzaoneka ngaiyaye zikutuluka, china chatalika china chafupika, china chafulumira china chachedwa, ndipo pamenepo feteleza mwathira kale.

Paketi ya pulasitiki imatsekedwa ndi kutentha. Makina a ku fakitale amasiya mzere wotambalala, wowongoka, wofanana kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, nthawi zambiri wokhala ndi timizere todindika. Wotsekanso kunyumba amagwiritsa ntchito timakina tija totsekera mapaketi a mtedza ndi tchipisi, timene timasiya kamzere kopyapyala, kapena simbi, kapena kandulo. Zizindikiro zake ndi makwinya, malo ena osungunuka kwambiri mpaka kuwala, malo ena osagwirana, kapena mizere iwiri yosayendera limodzi chifukwa woyamba sunagwire. Mzere wapamwamba muuyerekeze ndi wapansi pa paketi yomweyo. Ndipo popeza kuti atsegule anadula, paketi yotsekedwanso imakhala yaifupi. Aike mapaketi awiri kapena atatu mogundizana, pansi pake palingane, muone ngati pamwamba pakulingana komanso ngati mpata wochokera pa mzere wotseka kufika pa chizindikiro cha kampani uli wofanana. Mbewu ina imabwera m'matumba a pepala osokedwa. Amenewo muwaone monga mmene tachitira ndi feteleza, ndipo lebulo yosokeredwa pa msoko isakhale ndi mabowo a singano opanda ulusi.

Tsopano zosindikiza. Pa paketi pamakhala zolemba za mitundu iwiri, ndipo mukazisiyanitsa mwadziwa theka la ntchito. Zoyamba ndi zokhazikika, monga dzina la kampani, chithunzi cha chimanga, malangizo a kabzalidwe ndi chenjezo loti mbewuyo ili ndi mankhwala siyodya. Zimenezi zimasindikizidwa pa mapaketi zikwizikwi asanaikidwemo kanthu. Zachiwiri ndi zosintha, zimene zimadindidwa kapena kumatidwa pa nthawi yolongedza: nambala ya loti, tsiku limene mbewu inayesedwa, kameredwe kake ndi kuyera kwake. Loti ndi mulu wa mbewu umene unakonzedwa ndi kuyesedwa pamodzi. Popeza zosinthazi zimaikidwa pa nthawi ina ndi makina ena, zimaoneka mosiyana ndi zokhazikika. Inki yake ndi ina, nthawi zambiri manambala ake ndi opangidwa ndi timadontho, ndipo malo ake amasunthako pang'ono kuchokera pa paketi ina kufika pa ina. Munthu wokopera paketi amajambula zonse pamodzi n'kusindikiza ngati chithunzi chimodzi. Mukaona nambala ya loti yakhala pamalo amodzimodzi ndendende pa mapaketi onse, kupendekeka kwake kumodzi, ngakhale kadontho ka inki kotayikira kali pa onse, dziwani kuti simukuona chidindo, mukuona chithunzi cha chidindo.

Zokhazikikazo zikakoperedwa zimataya kuthwa. M'mphepete mwa zilembo mumachita chifunga, timalemba ting'onoting'ono ta adiresi ndi malangizo timatsekeka mimba, mizere ya bakhodi imakhudzana, ndipo mitundu imaphonyana moti kuseri kwa chilembo chofiira kumasuzumira kamzere kachikasu. Koma chifunga chomwecho chimabweranso ndi kamera yogwedezeka. Kuti musiyanitse, yang'anani zinthu zina zimene zili pambali pa chilembocho pa chithunzi chomwecho. Ngati fumbi, makwinya a pulasitiki ndi chikhadabo cha alamu anu zikuoneka zakuthwa koma chizindikiro cha kampani chokha chili mbuu, vuto lili pa kusindikiza. Ngati zonse zili mbuu, vuto ndi la chithunzi, ajambulenso.

Mtundu wokha, kuti wobiriwirayu wazilala kapena wofiirayu wapsa kwambiri, musaweruze nawo. Foni iliyonse imakometsa mitundu mwa njira yake, ndipo paketi imodzi yojambulidwa m'mawa ndi madzulo imaoneka ngati mapaketi awiri. Mtundu umathandiza pokhapokha paketi yodziwika kuti ndi yeniyeni ili m'chithunzi chomwecho, pambali pa yokayikitsayo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti paketi yopanda kanthu ya mbewu imene munagula pa shopu ya kampani yeniyeni isungidwe m'nyumba, osaitaya, ngakhale muzikumbukira kuti makampani amasintha kaonekedwe ka mapaketi awo zaka zina.

Ndikuonetseni mmene zimayendera. Kalabu ina ya alimi ya cha ku Nathenje inanditumizira zithunzi za mapaketi asanu ndi imodzi a makilogalamu awiriawiri, amene munthu wina ankagulitsa pa tsiku la msika pa mtengo wotsikirapo, akuti ndi otsala a chaka chatha. Anayi anali a chimanga chocha msanga, awiri a chocha mochedwa, kampani imodzi. Chithunzi choyamba chinali cha onse ali pa mphasa, ndipo panalibe chokayikitsa. Mitundu inali yowala, mayina olembedwa molondola, malebulo ali m'malo mwake.

Ndinawapempha ajambule malebulo okhaokha, iliyonse payokha. Mapaketi anayi aja anali ndi nambala ya loti imodzi. Mlembi wa kalabuyo anaganiza kuti wagwira mbava pamenepo, koma ayi. Loti imodzi ya chimanga imatha kufika matani 40, ndiye kuti mapaketi a makilogalamu awiri okwana 20,000 akhoza kukhala ndi nambala imodzi popanda cholakwika. Chokayikitsa chinali pa awiri otsalawo. Anali a mtundu wina wa chimanga, koma nambala ya loti inali yomweyo. Loti imakhala ya mtundu umodzi wa mbewu. Chimanga chocha msanga ndi chocha mochedwa sizingachokere m'mulu umodzi woyesedwa, choncho wina anasindikiza lebulo imodzi kambirimbiri n'kumangomata paliponse.

Zithunzi za pakamwa pa mapaketi zinatsimikiza. Pansi panali mzere wotambalala wa timizere todindika, pamwamba kamzere kopyapyala kosalala, ndipo pa mapaketi awiri kanadutsa pamwamba penipeni pa chizindikiro cha kampani chifukwa wodulayo anadula mozama. Mapaketi anali enieni, otoledwa. Malebulo ndiwo anali abodza, pamodzi ndi zamkati.

Chomaliza chinali chimanga chenichenicho, pamalo oonekera a paketi. Mbewu ya ku fakitale imasefedwa, njere za msinkhu umodzi zimaikidwa pamodzi, zophwatalala pazokha, zobulungira pazokha, ndipo mankhwala amakuta njere zonse mofanana. Umu munali njere zazikulu ndi zazing'ono, zophwatalala ndi zobulungira, zina zosweka, ziwiri zitatu zili ndi kabowo ka nankafumbwe. Utoto unali utaundana m'kadzenje ka pamutu pa njere, kwina utasiya poyera, ndipo mkati mwa pulasitiki munali mikwingwirima ya utoto yosonyeza kuti chimangacho chinalongedzedwa chisanaume. Tifumbi tochepa ta mankhwala pansi pa paketi timapezeka ngakhale m'mbewu yeniyeni, koma mikwingwirima ya chinthu chonyowa ayi. Ndinenenso kuti njere zing'onozing'ono kapena zobulungira si chizindikiro cha chinyengo. Mbewu ya haibulidi yeniyeni nthawi zambiri imaoneka yonyozeka kuposa chimanga cha m'nkhokwe, ndipo wachinyengo ndi amene amasankha njere zonenepa zokopa maso.

Mawu akuti "otsala a chaka chatha" nawonso amafuna kuwaunika. Mbewu yogonera si yabodza, koma mphamvu yake yomera imatsika, makamaka ikasungidwa m'shopu ya malata yotentha. Pa lebulo ya chimanga cha haibulidi chovomerezeka kameredwe sikayenera kutsika pa 90 mwa 100, ndipo chiwerengero chimenecho chinali choona pa tsiku limene anayesa. Mbewu yogonera imayenera kuyesedwanso. Mukaona kapepala kamatidwa pamwamba pa tsiku lakale, kakhoza kukhala ka kuyesanso kovomerezeka, kakhozanso kukhala kobisa. Ajambule pafupi, muone ngati kali ndi nambala ya loti yofanana ndi yapansi, ndipo wogulitsa afotokoze amene anamata. Tsiku lofufutidwa ndi chala, lokandidwa kapena lolembedwanso ndi cholembera, imeneyo isiyeni osafunsanso zambiri.

Pa mapaketi ambiri a mbewu yovomerezeka masiku ano pamakhala kalebulo kokanda, kofanana ndi ka mayunitsi a foni, kamene mukakanda mumapeza nambala yotumiza pa uthenga wa foni. Pa chithunzi muone zinthu zitatu. Pokandapo pakhale posakandidwa. Kalebulo kagone bwino, kopanda makona otukuka, makwinya kapena fumbi pansi pake, chifukwa kotero kanamatulidwa pa paketi ina. Ndipo ngati pali nambala yoonekera kunja kwa pokandapo, ikhale yosiyana pa paketi iliyonse. Apa lamulo latembenuka. Nambala ya loti imabwerezedwa, ya kalebulo aka siyibwerezedwa. Okopera ena amangosindikiza kabokosi kotuwa kosakandika, ndipo pa chithunzi chojambulidwa chammbali kamaoneka kosalala ngati pepala lonse, pamene kenikeni kamakhala kokwererapo pang'ono.

Kukandako kuchitike alamu anu atalipira koma asanachoke pa shopu, ndipo akutumizireni chithunzi cha yankho. Muliwerenge lonse, muone ngati zimene likunena zikugwirizana ndi paketi imene ili m'manja mwawo. Nambala yotumizako uthenga aifunse kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo, asangodalira yolembedwa pa paketi yokayikitsa, chifukwa wopanga lebulo yabodza akhozanso kulembapo nambala ya foni ya mnzake woti aziyankha kuti zonse zili bwino.

Zimene chithunzi sichingaone n'zambiri ndithu. Sichingakuuzeni mtundu wa chimanga chimene chili mkati ngati wachinyengo anasefa bwino njere zake, sichingayeze nayitrojeni, ndipo sichingagwire katundu amene anaipitsidwa asanatsekedwe ndi makina abwino. Feteleza akatsegulidwa kunyumba, alamu anu atape pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, athire supuni ziwiri m'botolo loonekera la madzi, akhutchumule, ajambule. Yureya weniweni amasungunuka yense ndipo botolo limazizira m'manja, pamene mchenga umakhala pansi. Njira imeneyi siigwira chimodzimodzi pa feteleza wokulitsa, amene amasiya matsalira ngakhale ali weniweni. Komanso mukaona timibulu ta mitundu yosiyana, toyera, totuwa ndi tofiirira, musadzidzimuke, chifukwa wokulitsa wina amapangidwa posakaniza mitundu ingapo ya feteleza.

Zithunzi ziwiri zomaliza zimene ndingakonde muzipempha si za katundu ayi. Choyamba ndi cha chikalata chololeza wogulitsayo kugulitsa mbewu, chimene shopu yolongosoka imapachika poonekera. Muone dzina, malo ndi chaka. Chachiwiri ndi cha lisiti yolembedwa mtundu wa mbewu, kulemera kwake ndi nambala ya loti. Wogulitsa woona sakana kulemba nambala ya loti, amangodandaula kuti mukumuchedwetsa. Wokana, kapena woletsa kujambula msoko wa thumba, wakuyankhani kale. Mukavomera, alamu anu alembe chizindikiro chawo ndi cholembera chosafufutika chodutsa pa msoko wa thumba lililonse, ajambule, kuti amene afike kumunda akhale omwewo.

Zikapezeka kuti mwagula kale katundu wokayikitsa, musatsegule mapaketi onse. Imodzi ikhale yotseka, pamodzi ndi lisiti ndi zithunzi zoyambirira zimene zili m'foni ya wojambula, chifukwa zimenezo zimasunga tsiku ndi nthawi. Nkhaniyo ipite kwa alangizi a ku Mitundu komweko, amene amadziwa njira yofikira kwa oyesa mbewu a ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji. Za feteleza wosakaniza ndi mchenga kapena wopereweza pa sikelo zimafikanso ku bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi kupolisi. Lamulo la mbewu la 2022 limaletsa kugulitsa mbewu yachinyengo, koma oyesa amafuna paketi yosatsegula ndi nambala ya loti kuti akhale ndi poyambira. Kampani imene dzina lake lili pa paketiyo muitumizirenso chithunzi cha lebulo, chifukwa m'mabuku ake muli nambala za maloti onse amene inatulutsa ndi mtundu wa mbewu wa loti iliyonse.